Bezi m'nyimbo za roko: kugwira tsinde ndi kuimba chuni

Funso: Akulu, ndatha zaka ziwiri ndikuimba bezi m'kabandi kathu, ndipo posachedwapa tayamba kuyeserera nyimbo za roko. Anzanga akuti ndizingogunda noti imodzi pa khodi iliyonse, ndisamakometsere. Koma ndimamva anthu akutama oimba ena kuti bezi yawo "imaimba". Kodi bezi imamanga bwanji nyimbo ya roko, nanga ndi oimba ati amene ndingamawamvere?

Yankho: Achimwene, anzanuwo sanalakwe, kungoti aima panjira. Tsiku limene mudzakumane koyeserera, mudzayambe ndi kamasewero aka, sikatha ndi mphindi zisanu zomwe. Muuzeni wa gitala agwire khodi ya C, azingoikwapula osasintha zala. M'khodi imeneyi muli manoti atatu, C, E ndi G, amene akwaya amati do, mi, so. Inu gundani C, pa fureti yachitatu ya waya wa A. Zonse zikhala m'malo mwake, ngati munthu amene wakhala pampando wake kunyumba. Kenako, iye asanasinthe kanthu, tsikirani pa A, waya wosagwira. Nyimbo ichita kachisoni nthawi yomweyo, chifukwa manoti atatu aja, akakhala pamwamba pa A, khutu limawamva ngati Am7. Pitani pa E, mumva ngati nyimbo yanyamula mwendo umodzi ikufuna kupita kwina. Pitani pa F, pa fureti yoyamba ya waya wonenepa, mumva ngati mwatsegula zenera. Wa gitala uja sanasunthe chala ngakhale chimodzi, koma khodi yasintha maonekedwe katatu.

Chimene chikuchitika n'chakuti khutu la munthu limatchula khodi poyambira pansi. Noti yotsikitsitsa ndiyo imauza manoti ena onse kuti ndi ndani. Ndiye mukagunda noti imene khodi inatengerako dzina, imene pano ndiziitcha tsinde, mumakhala mukutsimikizira bandi yonse ndi omvera kuti tili pakuti. Mu roko ntchito imeneyi imakula kuposa m'zamba zina, chifukwa gitala yolira mokalipa nthawi zambiri simagwira khodi yonse. Oimba ake amakonda kugwira manoti awiri okha, do ndi so, kusiya mi, poti manoti ambiri akadutsa m'ampu yokalipa amasanduka phala. Khodi ya manoti awiri sinena ngati ndi yachimwemwe kapena yachisoni, komanso ndi yopyapyala. Bezi, imene mawaya ake anayi, E, A, D ndi G, amalira okitevi imodzi pansi pa mawaya anayi onenepa a gitala, ndi imene imaipatsa thupi. Anthu ambiri akamati gitala ya bandi yakuti imalemera, chimene akumva kwenikweni ndi bezi imene ili pansi pake.

Chingwe chachiwiri chimene bezi imamangira nyimbo chili ku madiramu. Kagundidwe kofala ka roko n'kosavuta: timawerenga 1, 2, 3, 4, ng'oma yaikulu ya phazi, ija timati kiki, imagunda pa 1 ndi pa 3, sineya pa 2 ndi pa 4. Kiki ili ndi mphamvu koma ilibe noti. Bezi ili ndi noti koma chiyambi chake n'chofewa. Zikagwera pamodzi, omvera samva zinthu ziwiri, amamva chinthu chimodzi chimene chimawagunda pachifuwa chili ndi noti yake. Zikasiyana pang'ono pokha, mumamva kuti "bu-dum" m'malo mwa "dum", ndipo anthu ovina amayamba kuyang'anana osadziwa chavuta n'chiyani. Nthawi zambiri amaloza chala wa madiramu, pamene wolakwa ndi ife a bezi.

Palinso china chimene ophunzira ambiri sachiganizira: pamene noti ikuthera. Aliyense amasamala poyambira noti, koma kutalika kwake ndi kumene kumasintha kayendedwe ka nyimbo. Yesani kugunda G kasanu ndi katatu m'mabiti anayi, noti iliyonse ikulira mpaka inzake itafika. Nyimbo iyenda ngati basi pa tala. Bwerezani manoti omwewo, koma muzinyamula pang'ono chala chakumanzere noti ikangolira, osachichotsa pa waya, kuti pakhale kampata. Tsopano nyimbo ikudumphadumpha. Kenako yesani kuimitsa noti pamene sineya ikugunda, pa 2 ndi pa 4, mumva sineya yakula ngati wina waikwezera mawu. Zonsezi mwazichita ndi noti imodzi, ija anzanu akuti muzingoigunda.

Kuti musaiderere ntchito ya tsinde, mverani With or Without You ya U2, ya mu 1987. Adam Clayton amagunda manoti anayi okha, D, A, B ndi G, iliyonse kasanu ndi katatu, kuzungulira chomwecho pafupifupi nyimbo yonse. Pamwamba pake gitala imangolira manoti ataliatali ngati mphepo, sikwapula makhodi kumayambiriro, moti makhodi amene mumawamva m'mutu mwanu akuchokera ku bezi. Woimba mawu amayamba chonong'ona n'kumaliza chofuula, madiramu amakula, koma pansi sipasintha, ndipo kusasinthako ndi kumene kumachititsa kuti kukwera kwa enawo kumveke. Clayton akanati atope pakati pa nyimbo n'kuyamba kuthamangitsa zala, nyimbo ikanagwa. Mverani kenako Highway to Hell ya AC/DC, ya mu 1979. M'vesi yoyamba mulibe bezi, muli gitala, madiramu ndi mawu basi. Cliff Williams amadikira mpaka nyimbo ikamalowa mu kolasi, ndipo akangolowa mumamva ngati chipinda chakula kawiri. Kukhala chete kumeneko anachita kukonza, ndipo ndi mbali ya ntchito ya bezi.

Tsopano tibwere pa kuimba chuni. Bezi "yoimba" si bezi ya manoti ambiri. Ndi bezi imene mukaichotsa m'nyimbo n'kuiimba pakamwa, ili ndi poyambira, pokwera ndi pothera, ngati mmene besi yabwino yam'kwaya imakhalira, koma ikugwirabe ntchito ziwiri zija, kutchula khodi ndi kuyenda ndi kiki. Njira yophweka yomvetsera zimenezi ndi kutenga makhodi anayi amene bandi iliyonse imawadziwa, C, G, Am ndi F, iliyonse mabiti anayi, n'kuona mmene munthu amachokera pa tsinde kufika pa chuni.

Poyamba imbani matsinde okha: C pa fureti yachitatu ya waya wa A, G pa fureti yachitatu ya waya wa E, A pa fureti yachisanu ya waya womwewo, F pa fureti yoyamba. Palibe cholakwika pamenepa, koma bezi ikungodumpha kuchoka mwala uwu kupita mwala uwo ngati munthu wowoloka mtsinje. Ndiye sinthani chinthu chimodzi chokha. Khodi ya G ikafika, m'malo mwa G gundani B, pa fureti yachiwiri ya waya wa A. B ali kale m'khodi ya G, imene manoti ake ndi G, B ndi D, choncho simunatuluke m'nyumba. Koma taonani zimene zachitika: bezi yanu tsopano ikuti C, B, A, do, ti, la, kutsika masitepe mmodzimmodzi. Papepala la makhodi mudzaona zimenezi zitalembedwa G/B, kutanthauza khodi ya G yokhala ndi B pansi. Mukafika pa Am, khalani pa A mabiti atatu, ndipo pa biti yachinayi gundani G musanagwere pa F. Mzere wonse wakhala do, ti, la, so, fa. Ameneyo ndi chuni kale, mwana akhoza kuchiimba, ndipo mwangowonjezera noti imodzi n'kusintha ina imodzi.

Chatsala ndi kubwerera kumtunda. Muli pa F ndipo mukufuna kufika pa C pa biti yoyamba ya kuzungulira kotsatira. Gundani F pa 1 ndi pa 2, A pa 3, B pa 4, n'kugwera pa C. A ali m'khodi ya F, ndiye alibe mlandu. B mulibe m'khodi ya F, ndipo mukamusiya alire nthawi yaitali amawawa m'khutu, koma poti wabwera pa biti yomaliza ndipo ali fureti imodzi pansi pa C, khutu limamulandira ngati mlendo amene akugogoda pakhomo la C. Lamulo limene ndimapatsa ophunzira anga ndi lomweli: pa biti yoyamba gundani noti ya m'khodi, kawirikawiri tsinde, ndipo manoti achilendo muziwasungira kumapeto, pamene akuloza kumene mukupita. Mukatembenuza, n'kuika mlendo pa 1, bandi yonse imamveka ngati yalakwitsa khodi.

Musaimbe mzere wotsikawu nthawi zonse. Ine ndikanakhala inu, vesi yoyamba ndikanaimba matsinde okha, vesi yachiwiri n'kulowetsa B uja, ndipo kukwera kwa A, B, C ndikanakusungira polowa mu kolasi. Mukatulutsa zonse m'mphindi yoyamba, mphindi zitatu zotsalazo mulibe chopatsa anthu. Ndipo B uja ali ndi malire ake. Tikawerenga do kuyambira pa G, B ndiye mi wa khodiyo, ndipo khodi yokhala ndi mi pansi siikhazikika, imafuna kuyenda, choncho ndi yabwino pakati pa ulendo koma yoipa pothera nyimbo kapena pamene kolasi ikufunika kugunda mwamphamvu. Pamenepo bwererani pa tsinde, musachite manyazi.

Ndikuuzeni mmene ine ndinaphunzirira malire amenewa. Ndili mnyamata tinkaimba pa holo ina, ndipo ndinali nditangophunzira kuthamangitsa zala kumtunda kwa khosi la gitala. M'nyimbo ina yodekha ndinadzaza mpata uliwonse, ngakhale pamene woimba mawu anali pakati pa chiganizo. Ine ndinkamva ngati ndikuuluka. Popuma, wa madiramu, bambo wachikulire amene sankakonda kuyankhula, anangondiitana n'kundifunsa kuti, "Iwe, ukapita kumtundako, kuno ukusiyira ndani?" Mawa lake wina anandimvetsera zimene anajambula pa kaseti. Nthawi iliyonse ndikakwera, pansi pa nyimbo pankatsala dzenje, kiki inkamveka ngati munthu akumenya katoni, ndipo woimba mawu ankaterereka pa kiyi chifukwa noti imene ankatsamira inali itachoka. Zizindikiro zake ndi zimenezo, ndipo mukhoza kuziona nokha: woimba mawu akayamba kusochera, wa madiramu akayamba kukuyang'anitsitsani, kapena mitu ya anthu ikasiya kugwedezeka pamene inu mukukometsera, dziwani kuti mwasiya ntchito. Muzijambula zoyeserera zanu, chifukwa muli pakati poimba khutu limakunamizani.

Za oti muwamvere, dzina loyamba limene aliyense angakutchulireni ndi Paul McCartney wa The Beatles, ndipo m'pomveka. Iye sanayambe ngati woimba bezi. Ankaimba gitala, ndipo anatenga bezi mu 1961 Stuart Sutcliffe atachoka m'gululo. Chaka chomwecho ku Hamburg anagula Höfner, bezi yopepuka yooneka ngati vayolini, imene inamukomera poti ndi wamanzere ndipo mbali zake ziwiri n'zofanana. Poti anali woimba mawu komanso wopeka nyimbo, ankaimva bezi ngati liwu lachiwiri. Iye mwini wakhala akutchula anthu awiri amene anamutsegula maso. Wina ndi Brian Wilson wa The Beach Boys, amene pa chimbale cha Pet Sounds cha mu 1966 ankakonda kuika pansi noti imene si tsinde, monga tachitira ndi B uja. Winayo ndi James Jamerson.

Jamerson sanali wa roko, koma simungamvetse bezi ya roko popanda iye. Ankaimba m'situdiyo ya Motown ku Detroit, m'gulu la oimba zida lotchedwa Funk Brothers, ndipo kwa zaka zambiri dzina lake silinkalembedwa n'komwe pa zimbale. Anachokera ku bezi yaikulu yoimirira ya jazi, ndipo atatenga bezi yamagetsi ya Fender Precision anapitiriza kukoka mawaya ndi chala chimodzi chokha, cholozera. Chimene anabweretsa ndi manoti ogogoda pakhomo aja, kuyandikira tsinde kuchokera fureti imodzi pansi kapena pamwamba, komanso kugunda pakati pa mabiti m'malo mwa pamwamba pake penipeni, koma osataya biti yoyamba. Mverani What's Going On ya Marvin Gaye, ya mu 1971, muone mmene bezi imayendera osabwereza chinthu chimodzimodzi, komabe simusochera. Anyamata a ku England a m'zaka za m'ma 1960 ankamvera zimbale za Motown usiku ndi usana, ambiri osadziwa dzina la munthu amene ankamutsanzirayo. Anamwalira mu 1983.

Kubwerera kwa McCartney, pali chinthu cha m'situdiyo chimene chinamuthandiza, ndipo n'chofunika kuchidziwa kuti musadzione wolephera. Pofika nthawi ya chimbale cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, mu 1967, nyimbo zambiri ankajambula bezi pambuyo, zida zina zitalowa kale, ndipo apa n'kuti akugwiritsa ntchito kwambiri Rickenbacker imene mawu ake ndi omveka bwino kuposa Höfner. Ankakhala pansi n'kumayesa mzere uwu ndi uwo, akumva bwinobwino pamene pali mipata. Ndiye mukamva bezi ya With a Little Help from My Friends ikuyenda ngati ikucheza ndi woimba mawu, dziwani kuti inachita kupekedwa modekha, sinangotuluka pa siteji. Inunso mizere yanu muziipekera kunyumba, muli ndi nyimbo yojambulidwa, osati pamaso pa anthu.

Nyimbo imene ndimaphunzitsira kwambiri ndi Something, imene anapeka George Harrison, ya pa chimbale cha Abbey Road cha mu 1969. Vesi imayamba ndi C, kenako Cmaj7, kenako C7, n'kufika pa F. Makhodi atatu oyambawo onse tsinde lawo ndi C, ndipo noti imene ikutsika, C, B, B♭ mpaka A, ili kale m'kati mwa makhodi ndi m'mawu a woimba. Woimba bezi waulesi akanangokhala pa C mpaka F itafika. McCartney amagwira C poyambira, koma Harrison akangomaliza chiganizo n'kupuma, bezi imanyamuka, kukwera kumtunda, kutembenuka, n'kubwerera nthawi yake khodi yotsatira isanayambe. Mvetserani kawiri. Ulendo woyamba tsatirani mawu okha, muone pamene akupumira. Ulendo wachiwiri tsatirani bezi, mupeza kuti kuyenda kwake kwakukulu kuli m'mipata imeneyo. Pali anthu amene amati m'nyimbo imeneyi bezi inachulutsa zochita, ndipo ine sindiwatsutsa kwathunthu, ili pamalire penipeni. Chimene chimaipulumutsa n'chakuti nyimboyo ndi yodekha, mawu ake ali ndi mipata yaitali, ndipo Ringo Starr pa madiramu sadzaza malo m'mavesi. Mukatenga kaimbidwe komweko n'kukaika m'nyimbo yothamanga ya magitala awiri okalipa, mupeza phokoso lokhalokha.

Wachiwiri amene ndingakonde kuti mumumvere ndi John Paul Jones wa Led Zeppelin, ndipo kwa inu mwina ndiye wothandiza kuposa onse, chifukwa amaonetsa mbali zonse ziwiri m'nyimbo imodzi. Asanalowe m'gululi anali woimba wa m'situdiyo ku London komanso wokonza kaimbidwe ka zida m'nyimbo za anthu ena, ndipo ali mnyamata ankaimba limba kutchalitchi. Mu Ramble On, ya mu 1969, mavesi ali ndi gitala yosalumikiza kumagetsi ndi kaphokoso kogogoda pang'onopang'ono, madiramu enieni kulibe. M'malo otseguka amenewo bezi ndi imene imanyamula chuni, imakwera n'kutsika mofewa ngati munthu akung'ung'udza. Kolasi ikafika, John Bonham n'kulowa ndi madiramu onse, Jones amasintha khalidwe, manoti amafupika n'kumamatira ku kiki. Munthu mmodzi, nyimbo imodzi, ndipo chimene chikumuuza zochita ndi kuchuluka kwa malo amene anzake amusiyira.

John Entwistle wa The Who amatamidwa kwambiri, ndipo My Generation ya mu 1965 ili ndi timagawo timene bezi imalira yokha, chinthu chimene chinali chachilendo m'nyimbo za pa wailesi nthawi imeneyo. Koma samalani pomutsanzira. M'gulu lake zinthu zinali zotembenuka: Keith Moon ankagunda madiramu ngati akuthamangitsidwa, Pete Townshend pa gitala ndiye ankagwira kayendedwe ka nyimbo ndi makhodi, choncho bezi inapeza malo a gitala yotsogolera. Kaimbidwe kake kanabadwira m'nyumba imeneyo. Chimodzimodzi Chris Squire wa Yes, amene Rickenbacker yake yolira ngati chitsulo mu Roundabout ya mu 1971 imamveka pamwamba pa zida zonse, ndi Geddy Lee wa Rush, amene anali m'gulu la anthu atatu okha, momwe malo ndi ambiri. Muwamvere kuti musangalale, koma muziyamba mwawerenga kuti m'bandi mwanu muli anthu angati.

Amene nkhani yake imandisangalatsa ndi Peter Hook wa Joy Division, kenako New Order, a ku Manchester. Iyeyu sanaphunzire nyimbo kusukulu monga anachitira Jones. Iye mwini amafotokoza kuti sipika imene anali nayo poyamba inali yotchipa, manoti apansi sankamveka gitala ya mnzake ikamalira, ndiye anathawira kumtunda kwa khosi kuti azidzimva, ndipo woimba mawu wawo, Ian Curtis, anamulimbikitsa kuti apitirize chomwecho. Mu She's Lost Control ya mu 1979, chuni chimene mumachoka nacho m'mutu ndi cha bezi, gitala imangothira mawanga. Mu Love Will Tear Us Apart ya mu 1980 bezi imaimba chuni chomwe chili pa kiyibodi ndi m'mawu a kolasi. Njira yake ina inali kusiya waya mmodzi wosagwira kuti uzilira pansi pamene chala chikuyenda pa waya woyandikana nawo, kuti tsinde lisasowe kotheratu. Yesani: lizani D wosagwira pamodzi ndi waya wa G, chala chikuyenda pa mafureti 7, 9, 11 ndi 12. Mumva bezi imodzi ikugwira ntchito ziwiri. Mtengo wake ndi wakuti pansi penipeni pamapepuka, ndipo nyimbo za Joy Division zimamvekadi zozizira ndi zouma. Kwa iwo zinali zoyenera. M'bandi yoimbira anthu ovina pa ukwati mukhoza kuthamangitsidwa nazo.

Mwa a m'zaka za m'ma 1980 onjezanipo Andy Rourke wa The Smiths. Mu This Charming Man ya mu 1983 gitala ya Johnny Marr ili yotanganidwa kale kumtunda, koma bezi imapeza njira yakeyake pansi, yodumpha ngati ya Motown, osawombana nayo. Ndi phunziro labwino la mmene zida ziwiri zotanganidwa zingakhalire m'nyumba imodzi: imodzi ili kumwamba kwenikweni, ina pansi, ndipo pakati asiyira woimba mawu.

Kunena zoona, khutu lanu silachilendo ku bezi yoimba. Amene anakulira pa sungura ya Alick Macheso amadziwa kale bezi imene imatsogolera nyimbo mpaka anthu kuivinira payokha. Kusiyana kwake n'kwakuti mu sungura magitala amalira mopyapyala, noti imodziimodzi, kumtunda, ndipo bezi ili ndi bwalo lonse. Mu roko gitala yokalipa imadya malo ambiri apakati, ndiye bezi ikafuna kuimba iyenera kudikira pamene gitalayo yapuma, kapena mugwirizane ndi mnzanuyo kuti m'vesi achepetse, azikwapula kamodzi n'kusiya. Ngati muli ndi wa kiyibodi, mupempheni mwaulemu kuti dzanja lake lamanzere lichoke kumanoti apansi. Anthu awiri akamayenda pansi nthawi imodzi, wina pa B wina pa G, chimene chimatuluka m'sipika ndi matope, ndipo G/B wanu uja sadzamveka ngakhale mutamuimba bwino chotani.

Pomvera nyimbo zimenezi musadalire kasipika ka foni. Waya wa E wosagwira umanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, ndipo kasipika kakang'ono sikangathe kukankha mpweya pang'onopang'ono chotero, kamangotulutsa mthunzi wa notiyo. N'chifukwa chake Hook ndi Squire amamveka pa foni pamene Jamerson amasowa. Pezani mahedifoni, ngakhale otchipa, kapena lumikizani foni ku ampu yanu. Sankhani nyimbo imodzi, ine ndingati Ramble On, mutenge vesi yoyamba yokha. Muiimbe pakamwa kaye mpaka muithe osaphonya, bezi ili pakhoma. Mukatero itengeni mufufuze manotiwo pa mawaya, ndipo pa noti iliyonse imene yagwera pa biti yoyamba mudzifunse ngati ndi tsinde, mi, so kapena mlendo. Mukakumana ndi anzanu Loweruka, imbani matsinde monga akufunira, koma m'vesi yachiwiri mulowetse B uja osawauza, muone ngati wa madiramu atukule mutu.